MPAMBA SUPONYEDWA PAMODZI: Cifukwa Cace Muyeso Uposa Luso la Kusankha

Munthu akapeza kandalama kapadera atagulitsa thonje kapena fodya wace, nafuna kuti kabale kanzace, funso limene amayamba kufunsa ndi lakuti: "Kodi ndigule ciani?" Amafunsa anansi, amachera khutu ku wailesi, amafunafuna munthu wodziwa cimene cidzakwera mtengo. Koma anthu amene akhalitsa m'misika ikuluikulu ya ndalama amaika funso lina patsogolo, ndilo lakuti: "Kodi ndiikepo zingati?" Iwo anaona kuti wamalonda sagwa kaamba ka kusankha molakwa kamodzi, pakuti kulakwa kumagwera aliyense. Cimene cimamgwetsa ndico kuika zambiri pa cinthu cimodzi tsiku limene walakwalo.

Nkhaniyi ndi ya misika ya masheya. Sheya ndi kagawo ka kampani kamene munthu amagula, ndipo mtengo wace umakwera kapena kutsika monga momwe umacitira mtengo wa nshawa. M'dziko lathu lino msika wotere unatsegulidwa ku Lusaka m'caka ca 1994, ndipo lero umachedwa Lusaka Securities Exchange. Kumeneko munthu wamba angathe kugula masheya a makampani monga Zanaco, Zambia Sugar ndi Zambeef kupyolera mwa mabuloka, ndiwo amkhalapakati okhala ndi cilolezo ca Boma. Ndalama zonse zimene munthu wapatula kuti acitire malondawo ndizo tikuzicha mpamba.

KHOBIRI LOKONDERA

M'caka ca 2016 akatswiri awiri a za ndalama, a Victor Haghani ndi a Richard Dewey, anafalitsa zotsatira za mayeso amene anacita ku Amereka. Anasonkhanitsa anthu 61, ambiri a iwo ophunzira za cuma m'masukulu apamwamba, ena acinyamata ogwira kale nchito m'makampani osunga ndalama za anthu. Aliyense anampatsa madola 25 ndi kumkhazika pa kompyuta imene inali kuponya khobiri. Anawauziratu poyera kuti khobirilo ndi lokondera: pa kuponya 100 kulikonse, limagwa camutu pafupifupi ka 60, ndipo camcira ka 40. Woika dola imodzi nalasa analandira dola ina pamwamba, wophonya anataya dola yaceyo. Anawapatsa mphindi 30 kuti aike ndalama monga afunira, ndipo malire a zimene munthu akanapita nazo kwao anali madola 250.

Taonani kuti pamenepa nchito ya kusankha inali itacitika kale. Aliyense anadziwa mbali yopambana asanayambe n'komwe. Cotsala cinali cimodzi cokha, ndico kudziwa kuti pa kuponya kulikonse aikepo zingati.

Zotsatira zace zinadabwitsa. Anthu 28 pa 100 alionse anataya zonse natuluka cimanjamanja. Amene anafika pa madola 250 anali 21 cabe pa 100. Anthu 18 mwa 61 aja anafika poika ndalama zao zonse pa kuponya kumodzi. Awiri mwa atatu alionse anaikapo nthawi ina pa mcira, ngakhale anauzidwa kuti mcira ndiwo mbali yofooka. Ena akataya anali kuwirikiza ndalama pa kuponya kotsatira, poganiza kuti mutu wacedwa, uyenera kubwera tsopano. Komabe masamu anasonyeza kuti munthu woika gawo losasintha, pakati pa 10 ndi 20 pa 100 ya zimene ali nazo m'manja, nthawi zonse pa mutu, akanafika pa malire aja pafupifupi ka 95 pa 100.

ANTHU ASANU, KHOBIRI LIMODZI

Kuti cifukwa cace cimveke, tiyeni tiwerenge ndi makwaca athu. Tinene kuti pali anthu asanu, aliyense ali ndi K1,000, ndipo onse akuika pa mutu. Khobiri liponyedwa kakhumi, ligwa camutu kasanu ndi kamodzi, camcira kanai. Onse asanu alasa mofanana ndipo aphonya mofanana. Kusiyana kwao kuli pa muyeso wokha.

Woyamba amaika K10 pa K100 iriyonse imene ali nayo pa nthawiyo. Akalasa, ndalama zace zimakula, ndipo zoika zace zimakulako pang'ono. Akaphonya, zoika zimacepanso. Pakutha pa kuponya khumi iye ali ndi K1,162. Waciwiri amaika K20 pa K100 iriyonse, ndipo amatsiriza ndi K1,223. Wacitatu aona kuti khobiri likumkondera, naika K40 pa K100. Iye amatsiriza ndi K976, ndiko kuti watayako. Wacinai amaika theka la ndalama zace nthawi iriyonse, ndipo amatsala ndi K712. Wacisanu amaika zonse, ndipo mcira woyamba ndiwo umamtsiriza, ngakhale atayamba ndi kulasa kasanu kotsatizana. Kaya mitu ibwere poyamba kapena potsiriza, ziwerengerozi sizisintha.

Cinsinsi ciri pa kuya kwa dzenje. Munthu wa K1,000 akataya K100, atsala ndi K900, ndipo afunika phindu la K11 pa K100 iriyonse kuti abwerere pakale. Limenelo ndi dzenje lofika m'mawondo. Koma akataya theka, atsala ndi K500, ndipo kuti abwerere pa K1,000 ayenera kuwirikiza ndalama zace kawiri. Akataya K900, zotsalazo ziyenera kubala kakhumi. Dzenje likamazama, makwerero ofunika amatalika msanga koposa dzenjelo. Ndico cifukwa cace munthu wa theka uja anabwerera m'mbuyo ngakhale analasa kambiri kuposa kuphonya: kuphonya kulikonse kunali kudula pakati cuma cace conse.

Amene anayamba kulongosola masamu awa ndi a John Kelly, katswiri wa ku Bell Laboratories ku Amereka, m'caka ca 1956. Pa mpikisano wa mtundu uwu, pamene wolasa amalandira zolingana ndi zimene anaika, lamulo lao ndi lapafupi: cotsani mwai wa kuphonya pa mwai wa kulasa. Pa khobiri lija, 60 kucotsapo 40 patsala 20, ndipo K20 pa K100 ndiwo muyeso umene umakulitsa ndalama msanga koposa. Woika zocepera pamenepo amakula pang'onopang'ono koma mwamtendere. Woika zopitirira amaonjezera ngozi pamene phindu lace likucepa, ndipo akafika pa kuwirikiza muyesowo, phindu lonse limafafanizika.

NGAKHALE ANZERU ANAGWA

A Haghani sanaphunzire zimenezi m'buku mokha. Iwo anali mmodzi wa oyambitsa kampani yochedwa Long-Term Capital Management, imene inayamba malonda m'caka ca 1994 motsogozedwa ndi a John Meriwether. M'kampaniyo munali a Myron Scholes ndi a Robert Merton, amene analandira mphotho ya Nobel ya za cuma mu 1997. Pa luso la kusankha, ocepa akanapikisana nao, ndipo mu 1995 ndi 1996 phindu lao linapitirira 40 pa 100 caka ciriconse.

Koma kuciyambi kwa 1998 kampaniyo inali ndi mpamba wa madola pafupifupi 4.7 biliyoni, pamene ngongole zimene inatenga kuti ikulitse malonda zinali pafupifupi 125 biliyoni. Pa dola iriyonse yaoyao panali madola oposa 25 a eni ace. Pa muyeso wotere, mitengo ikangotsika ndi 4 pa 100, mpamba wonse wapita. Mu Ogasiti 1998 Boma la Rasha linalephera kulipira ngongole zace, misika ya dziko lonse inagwedezeka, ndipo malonda a kampaniyo amene anali kuoneka osiyanasiyana anagwa onse pamodzi. M'miyezi yosakwana inai inataya madola 4.6 biliyoni. Mu Sepitembala mabanki ndi makampani 14 anasonkha madola 3.6 biliyoni nailanda kuti isagwetse ena. Pofika caka ca 2000 mabankiwo anali atabwezeredwa ndalama zao, koma eni kampani oyamba aja anali atatsala ndi nyenyeswa. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

MOMWE MUYESO UMAWERENGEDWERA

Nanga munthu wa mpamba wocepa acite motani? Coyamba adziwe kuti msika suli ngati khobiri lija. Palibe amene adzamuuza kuti mwai wace ndi 60 pa 100, ndipo munthu aliyense amadziyesa wolasa kuposa momwe aliri. Cifukwa ca ici amalonda ambiri ozolowera amatsika kutali ndi muyeso wa a Kelly. Lamulo lofala pakati pao ndi lakuti pa malonda amodzi munthu asalole kutaya zoposa K1 kapena K2 pa K100 iriyonse ya mpamba wace.

Pamafunika kumvetsa bwino apa. Muyesowu sunena za ndalama zimene mugulira, koma za ndalama zimene mudzataya zinthu zikalakwika. Tiyeni titenge citsanzo ca mai amene ali ndi mpamba wa K20,000, ndipo mitengo imene tichule pano ndi yongofanizira.

Poyamba maiyo awerenga gawo lace. K2 pa K100 iriyonse ya K20,000 ndi K400. Imeneyi ndiyo ndalama yaikulu koposa imene malonda amodzi angamlande.

Kenaka, asanagule, asankha mtengo wotulukira. Sheya imene aifuna iri pa K5.00. Iye ayang'ana momwe mtengo wace wakhala ukuyendera miyezi yapitayo, naona kuti umasewera pakati pa K4.70 ndi K5.20. Cotero anena mumtima kuti ukatsika kufika pa K4.50, ndiye kuti maganizo ace anali olakwa, ndipo adzagulitsa osayembekezera mawa. Pa sheya iriyonse angataye 50 ngwee.

Potsiriza agawa K400 ndi 50 ngwee, napeza 800. Agula masheya 800, amene amdyera K4,000. Mtengo ukatsika kufika pa K4.50 agulitsa, nalandira K3,600, ndipo cotayika ndi K400 ija anaivomereza kale. Mpamba wace watsala K19,600, ndipo nyumba yace siinagwedezeke.

Tsono tinene kuti pali sheya ina, nayonso ya K5.00, koma yolumphalumpha, imene mtengo wace ungatsike kufika pa K4.20 ndi kukweranso popanda cifukwa ceniceni. Mtengo wotulukira uyenera kukhala patali, tinene pa K4.00, kuti kusewera wamba kwa msika kusamtulutse pacabe. Apa angataye K1.00 pa sheya iriyonse, cotero K400 imlola masheya 400 okha, a K2,000. Sheya yaukali igulidwa pang'ono, yofatsa igulidwa yambiri, koma cimene ciri pangozi ndi cimodzimodzi. Maiyo sanafunikire kudziwa kuti mwa ziwirizi yopambana ndi iti.

Pa malonda otsatira awerenganso kucokera pa mpamba umene ulipo. Pa K19,600 gawo lace ndi K392. Mpamba ukakwera kufika pa K25,000, gawolo likhala K500. Motero muyeso umadzicepetsa wokha m'masiku oipa ndi kudzikulitsa m'masiku abwino, kusiyana ndi mtima wa munthu, umene umafuna kuika zambiri pamene wangotaya kumene kuti ubweze msanga.

Mphamvu ya lamuloli imaoneka bwino pa nthawi ya tsoka lotsatizana. Maiyo atalakwa kakhumi kondondozana, cinthu cimene cimacitikira ngakhale akatswiri, atsala ndi K16,341. Phindu la K22 pa K100 limbwezera pafupi ndi pakale. Mnzace wa mpamba womwewo amene amalola kutaya K20 pa K100 pa malonda alionse atsala ndi K2,147, ndipo ayenera kuwirikiza ndalamazo koposa kasanu ndi kanai. Woyamba akali pamsika, winayo wabwerera kumudzi.

Ndiponso wosunga muyeso angathe kuphonya kambiri kuposa kulasa, napindulabe. Pa malonda khumi maiyo aphonye kasanu ndi kamodzi, nataya pafupifupi K400 nthawi iriyonse, ndizo K2,400. Alase kanai kokha, koma pa kulasa kulikonse adikire mpaka phindu lifike K800, ndizo K3,200. Atsala ndi phindu la K800 ngakhale anasankha molakwa nthawi zambiri. Koma wolasa kasanu ndi katatu pa khumi, amene amatola K300 pa kulasa kulikonse nalola kuphonya kuwiri kumdyere K2,000 kumodzi, wapeza K2,400 nataya K4,000. Pa bwalo adzachuka ngati wodziwa kusankha, koma thumba lace lidzanena zina.

PAMENE LAMULOLI LIMALEPHERA

Muyeso suli mankhwala a nthenda zonse, ndipo malire ace ayenera kudziwika. Coyamba, sungasandutse malonda oipa kukhala abwino. Khobiri likakhala lokondera mbali ya mwini nyumba, monga momwe ziriri m'nyumba za njuga ndi za kubecha mpira, masamu a a Kelly omwewo amanena kuti muyeso woyenera ndi kusaikapo kanthu. Woika pang'onopang'ono kumeneko amangocedwetsa tsiku la kusauka. Muyeso umasunga munthu kufikira luso lace libale zipatso, koma ngati luso palibe, palibenso codikira.

Caciwiri, mtengo wotulukira ndi lonjezo la inu nokha, msika sunalonjeze kanthu. Nkhani yoipa ikamveka usiku, sheya ya K5.00 ingadzuke pa K3.50 osaima pa K4.50, ndipo mai uja ataya K1,200 m'malo mwa K400. Pa msika waung'ono ngati wathu palinso bvuto lina, lakuti masheya ena amatha masiku ambiri popanda wogula. Mungafune kutuluka koma khomo lotseka. Cotero musanagule funsani buloka kuti sheyayo imagulidwa kangati pa mlungu, ndi masheya angati. Ndiponso ikani malire aciwiri pa ndalama zogulira, kuti kampani imodzi isatenge zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a mpamba wonse, ngakhale masamu oyamba aja atalola zambiri.

Cacitatu, malonda ooneka ngati ambiri angakhale amodzi obvala malaya osiyana. Mlimi amadziwa kuti cimanga, soya ndi mpendadzuwa ndi mbeu zitatu, koma cilala ca 2024 sicinasankhe munda. Cimodzimodzi wogula masheya a mabanki atatu, kapena a makampani asanu odalira migodi ya kopa, waika pa cinthu cimodzi. Akaika K2 pa K100 pa kampani iriyonse mwa zisanuzo, ngozi yace yeniyeni ndi K10 pa K100. Izi ndizo zinapha kampani ya ku Amereka ija. Malonda oyendera pamodzi awerengedwe ngati amodzi, ndipo ngozi ya malonda onse otseguka iphatikizidwe kuti idziwike.

Cacinai ndi malipiro a buloka, amene amadulidwa pogula ndi pogulitsa pomwe. Awerengedwe mkati mwa K400 ija. Mpamba ukakhala wocepa kwambiri, malipirowo angadye gawo lonse, ndipo kwa munthu wotere kugula ndi kugulitsa kawirikawiri sikupindula konse.

Cotsiriza ndi mpamba weniweniwo. Ndalama za fataleza, za sukulu ya ana ndi za cakudya ca m'nyumba siziri mpamba. Ndalama za kaloba ndiye n'zoopsa koposa, cifukwa mwini wace sadikira kuti mtengo ukwerenso. Wowerenga gawo lace pa ndalama zosakhala zace wanamiza masamu asanayambe.

ZIZINDIKIRO ZA KUPITIRIRA MUYESO

Munthu angadziwe yekha kuti wapitirira. Ngati simungathe kuchula ndalama zimene mudzataya malonda akalakwika, simunayese. Ngati mtengo wafika pa malo otulukira ndipo mwausuntha malowo kunka pansi, mukunena kuti "udzakweranso", mwathyola lamulo. Ngati mwataya dzulo ndipo lero mwaika zoposa za dzulo, mwalowa m'gulu la anthu aja owirikiza pa khobiri. Ngati sheya imodzi ikusowetsani tulo, yakula kuposa msinkhu wanu. Mankhwala ace ndi kabuku: musanagule lembani tsiku, mpamba umene ulipo, gawo lace, mtengo wogulira, mtengo wotulukira ndi ciwerengero ca masheya. Cimene calembedwa mtima uli m'malo cimabvuta kucikana pa tsiku la mantha.

Kuwerenga komweku kungathandize wogula nshawa pa nthawi yokolola kuti adzagulitse m'dzinja. Thumba likagulidwa pa K400, ndipo iye aona kuti zikabvuta, pophatikiza anankafumbwe ndi mtengo wa galimoto, angapezepo K320 yokha, ndiye kuti thumba lirilonse liika K80 pangozi. Ngati mpamba wace ndi K20,000 ndipo walola K400, agule matumba asanu pa ulendowo. Adzaona ngati acepa, makamaka pamene anzace akudzaza ngolo. Koma caka cimene mtengo udzagwa, iye adzakhalabe ndi ndalama zogulira pamene anzacewo akugulitsa njinga.

Makolo athu sanali kudziwa kuti mvula ya caka camawa idzagwa motani, ndipo ngakhale lero palibe wodziwa. Cimene anadziwa ndico kupatula mbeu ndi kuipacika pa tsindwi la khichini, kumene njala ya m'Febuluwale sinaloledwe kuikhudza. Wamalonda nayenso sangalamulire mtengo wa mawa, koma ciwerengero ca masheya kapena matumba amene agula lero ciri m'manja mwace. Aciwerenge asanatulutse ndalama m'thumba.